Malipiro akwera kanayi, nanga bwanji ndalama sizikukwana?

Tiyambe ndi funso looneka ngati la ku pulayimale. Pakati pa K200,000 ndi K292,820, ndalama zambiri ndi ziti? Mwana wa Sitandade 4 ayankha asanaphethire n'komwe. Koma ndikawonjezerapo mawu ochepa, kuti K200,000 ija ndi ya mu 2020 pomwe K292,820 ndi ya mu 2024, yankho limatembenuka. Kuno ku Malawi, amene ankalandira K200,000 mu 2020 ankagula zinthu zambiri kuposa amene ankalandira K292,820 mu 2024, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera.

Nkhani imeneyi imayambanitsa anthu m'makomo. Mwana wamva kuti mayi ake awakwezera malipiro, ndiye akudabwa kuti bwanji fizi ikuchedwabe, bwanji nyama ikuoneka patalipatali. Mayiwo nawonso akudzifunsa ngati ayamba kuwononga ndalama osadziwa. Bwana kuntchito akuti, "Chaka chilichonse timakukwezerani, mukudandaula chiyani?" Onsewa akuyang'ana nambala yolembedwa papepala la malipiro, koma nambala imeneyo payokha sinena zonse. Lero ndikufuna tiphunzire masamu oisenda nambalayo kuti tione zimene zili m'kati mwake. Chofunika ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi, ndiye tengani kakyuleta kapena foni tiwerengere limodzi.

Muyezo umene umafupika

Mukayeza msinkhu wanu ndi tepi ya atelala chaka chino, n'kudzayezanso chaka chamawa, mumakhulupirira zimene mwapeza chifukwa sentimita ndi yomwe ija. Tsono taganizani tepi imene imafupika yokha chaka ndi chaka. Mukhoza kuona ngati mwatalika pomwe simunakule ngakhale pang'ono. Kwacha ndi muyezo wa mtundu umenewo. Mitengo ya zinthu ikamakwera, zimene K1,000 imodzi ingagule zimachepa. Kukwera kwa mitengo ya zinthu zambiri nthawi imodzi, kopitirira mwezi ndi mwezi, ndi kumene a zachuma amati inifulesheni.

Choncho malipiro ali ndi nkhope ziwiri. Pali malipiro a papepala, amene ndi nambala ya makwacha imene munthu walandira. Palinso malipiro enieni, amene ndi kuchuluka kwa katundu amene makwachawo angagule. Kuti tifanizire malipiro a zaka ziwiri zosiyana mwachilungamo, tiyenera kuwayeza onse ndi tepi imodzi, kutanthauza ndi kwacha ya chaka chimodzi.

Dengu la ku Zomba

Ndani amayeza kufupika kwa tepiyi? Kuno kwathu ndi ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero, National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Ganizo lawo ndi losavuta kulimvetsa. Amakhala ndi mndandanda wa zinthu zimene mabanja amagula kawirikawiri: chimanga, nyemba, mafuta ophikira, shuga, sopo, zovala, lendi, thiransipoti, magetsi, mankhwala ndi zina zambiri. Mndandanda umenewu tiziutchula kuti dengu. Mwezi uliwonse anthu awo amazungulira m'misika ndi m'mashopu, m'tauni ndi kumidzi, kulemba mitengo ya zinthu za m'dengumo.

Si chinthu chilichonse chimene chili ndi mphamvu yofanana m'dengu. Banja limawononga ndalama zambiri pa chakudya kuposa pa machesi, ndiye chimanga chikakwera mtengo, dengu lonse limagwedezeka kwambiri kuposa machesi akakwera. Kuti adziwe mphamvu ya chinthu chilichonse, amachita kafukufuku wofunsa mabanja mmene amagwiritsira ntchito ndalama zawo. Ku Malawi chakudya ndicho chimatenga gawo lalikulu kuposa gulu lina lililonse.

Akatero amasankha nthawi imodzi yoyambira, n'kunena kuti mtengo wa dengu pa nthawi imeneyo ndi 100. Dengu lomwelo likadzadula ndi theka, nambala ija imakhala 150. Likadula kawiri, imakhala 200. Nambala imeneyi mukamaifufuza pa intaneti mudzaipeza ndi dzina lakuti Consumer Price Index, mwachidule CPI. Ife tiziti indekisi ya mitengo. Ndipo inifulesheni imene mumamva pa wailesi, monga "yafika pa 30 peresenti", ndi kukula kwa indekisiyo poyerekeza ndi mmene inalili chaka chimodzi chapitacho.

Chitsanzo chathu: mayi a ukalaliki

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wogwira ntchito ya ukalaliki. Mayiwa ndi ongopeka, pamodzi ndi malipiro awo, koma mitengo imene tiwayezere ndi ya m'dziko muno. Mu 2020 ankapita kunyumba ndi K200,000 pamwezi. Kuyambira 2021 mpaka 2024, chaka chilichonse ankawakwezera ndi 10 peresenti.

Kukweza ndi 10 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.10. Ndiye mu 2021 analandira K220,000. Mu 2022 tikuchulukitsa K220,000 ija ndi 1.10, tikupeza K242,000. Mu 2023 zikufika pa K266,200, ndipo mu 2024 pa K292,820. Taonani kuti 10 peresenti ya chaka chilichonse ikuwerengedwa pa malipiro a chaka chathachi, osati pa K200,000 yoyamba ija. Amene mwaphunzira za chiwongoladzanja chimene chimaberekanso chinzake mwazindikira kale kuti ndi masamu omwe aja.

Papepala zinthu zikuoneka bwino. Malipiro akwera ndi K92,820, imene ndi pafupifupi 46 peresenti. Tsopano tione mbali ya mitengo. Ku Malawi, tikatenga avareji ya chaka chonse, mitengo inakwera ndi pafupifupi 9 peresenti mu 2021, pafupifupi 21 peresenti mu 2022, pafupifupi 29 peresenti mu 2023 ndi pafupifupi 32 peresenti mu 2024. Ndachotsa madesimo kuti masamu ayende mosavuta.

Kulumpha kochoka pa 9 kufika pa 21 kuli ndi zifukwa zake. Mu 2022 mafuta a galimoto ndi feteleza zinadula pa msika wa dziko lonse, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga mbewu m'chigawo cha kummwera, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kenako mu 2024 ng'amba inachepetsa zokolola. Dziko limene limagula mafuta, feteleza ndi mankhwala kunja, kwacha ikagwa, katundu yenseyo amadula, ndipo kudulako kumafalikira mpaka pa mtengo wa minibasi ndi wa tomato.

Sitepe yoyamba: kumanga indekisi

Tisankhe 2020 kukhala chaka choyambira, ndipo tiipatse 100. Kuti tipeze indekisi ya chaka chotsatira, timasandutsa peresenti kukhala nambala yochulukitsira: 9 peresenti ndi 1.09, 21 peresenti ndi 1.21, choncho basi.

```
2020: 100
2021: 100   × 1.09 = 109.0
2022: 109.0 × 1.21 = 131.9
2023: 131.9 × 1.29 = 170.1
2024: 170.1 × 1.32 = 224.6
```

Mukabwereza pa kakyuleta mukhoza kusiyana nane pa desimo yomaliza chifukwa cha kudula manambala, musadandaule nazo.

Nambala yomalizayo tiimvetse bwino. Ikutanthauza kuti katundu amene ankagulidwa K100 mu 2020, pofika mu 2024 ankafuna K224.60. Kuti tizione ndi maso, tiyerekeze dengu la zinthu zapakhomo limene mu 2020 linkagulidwa K10,000. Mu 2024 dengu lomwelo, losawonjezera kanthu ngakhale kamchere, linali pa K22,460.

Tsopano funso lija la ku pulayimale layankhika. Mu 2020 mayi aja akanatha kugula madengu 20, chifukwa K200,000 kugawa ndi K10,000 ndi 20. Mu 2024, K292,820 kugawa ndi K22,460 ikutipatsa madengu 13 ndi kakang'ono chabe pamwamba. Pa madengu 20 aja, 7 asowa. Palibe amene anawaba, palibe amene anawadula malipiro, ndipo mayiwo sanayambe kumwaza ndalama.

Sitepe yachiwiri: kubweza malipiro ku kwacha ya 2020

Kuwerenga madengu kumathandiza kuona chithunzi, koma nthawi zambiri timafuna yankho la m'makwacha. Lamulo lake ndi ili:

```
malipiro enieni = malipiro a papepala ÷ indekisi ya chakacho × 100
```

N'chifukwa chiyani tikugawa? Chifukwa tikufunsa kuti: ngati K224.60 ya mu 2024 ikugwira ntchito ya K100 ya mu 2020, ndiye m'malipiro a mayiwa muli ma K224.60 angati? Tikapeza kuchuluka kwake, iliyonse timaipatsa mtengo wake wakale wa K100. Tichite zimenezi chaka ndi chaka, ndipo mayankho ndawafikitsa ku K100 yapafupi.

| Chaka | Malipiro a papepala | Indekisi | Malipiro enieni, mu kwacha ya 2020 |
|---|---|---|---|
| 2020 | K200,000 | 100.0 | K200,000 |
| 2021 | K220,000 | 109.0 | K201,800 |
| 2022 | K242,000 | 131.9 | K183,500 |
| 2023 | K266,200 | 170.1 | K156,500 |
| 2024 | K292,820 | 224.6 | K130,400 |

Werengani tebuloli kuchokera pamwamba kutsika. Ndime yachiwiri ikukwera chaka chilichonse. Ndime yomaliza inakwera kamodzi kokha, mu 2021, pamene 10 peresenti ya malipiro inaposa pang'ono 9 peresenti ya mitengo, ndipo phindu lake linali la K1,800 chabe. Kuchokera apo ndi kutsetsereka kokhakokha. Pofika 2024, mayiwa ankakhala moyo wa munthu amene mu 2020 ankalandira K130,400.

Kuti tidziwe gawo limene latayika, tigawe K130,400 ndi K200,000. Tikupeza 0.652, kutanthauza kuti mphamvu yogulira yatsala 65 peresenti, ndipo 35 peresenti yapita. Zikugwirizana ndi madengu aja: 7 pa 20 ndi 35 peresenti. Njira ziwiri zosiyana zikakupatsani yankho limodzi, mtima umakhala pansi.

Amene muli ndi mwayi wa kompyuta kusukulu, mukhoza kuika malipiro mu ndime B ndi indekisi mu ndime C ya Excel, n'kulemba izi mu ndime D, kenako n'kukokera pansi:

```
=B2/C2*100
```

Sitepe yachitatu: akanayenera kulandira zingati?

Funso lomweli tikhoza kulitembenuza, ndipo mbali imeneyi ndi imene imathandiza munthu akakhala pansi ndi abwana ake kapena akamakambirana kudzera ku bungwe la anthu apantchito. M'malo mobweza malipiro atsopano m'mbuyo, timakankhira malipiro akale kutsogolo. Apa ndiye timachulukitsa: K200,000 kuchulukitsa ndi 224.6, kugawa ndi 100, ikutipatsa K449,200.

Imeneyi ndi ndalama imene mayi aja akanafunika kulandira mu 2024 kuti agule madengu 20 omwe aja. Sikuti akanalemera ayi, akanangoima pomwe anali. Iwo ankalandira K292,820, ndiye mwezi uliwonse pankaperewera K156,380.

Tsono apa pali kanthu kamene kamadabwitsa anthu ambiri. Tanena kuti ataya 35 peresenti. Kodi akawakwezera ndi 35 peresenti abwerera mwakale? Ayi. Gawani K449,200 ndi K292,820, mupeza 1.53. Akufunika kuwakwezera ndi 53 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti peresenti imadalira pamene mwayambira. Madengu 7 pa 20 ndi 35 peresenti, koma pobwerera mukuyambira pa 13, ndipo 7 pa 13 ndi kupitirira theka.

Misampha itatu ya masamu

Msampha woyamba ndi kuphatikiza maperesenti. Munthu amatenga 9, 21, 29 ndi 32, n'kuwonkhetsa, n'kunena kuti mitengo yakwera ndi 91 peresenti. Koma indekisi yathu yachoka pa 100 kufika pa 224.6, kumene ndi kukwera kwa pafupifupi 125 peresenti. Kusiyanaku kukubwera chifukwa 32 peresenti ya mu 2024 sinagwere pa mitengo ya mu 2020. Inagwera pa mitengo imene inali itakwera kale katatu. Maperesenti a zaka zotsatizana timachulukitsa, sitiphatikiza.

Msampha wachiwiri ndi kuchotsera. Pali njira yachidule imene anthu amakonda: tenga peresenti ya malipiro, chotsapo peresenti ya mitengo. Manambala akakhala aang'ono imagwira ndithu. Mu 2021, 10 kuchotsapo 9 ndi 1, ndipo yankho lenileni, 1.10 kugawa ndi 1.09, ndi kukwera kwa 0.9 peresenti. Zayandikana. Koma tayesani mu 2024: 10 kuchotsapo 32 ikunena kuti malipiro atsika ndi 22 peresenti, pomwe 1.10 kugawa ndi 1.32 ndi 0.833, kutanthauza kutsika kwa pafupifupi 17 peresenti. Mukaiyesa pa zaka zonse zinayi ndiye imasocheratu: 46 kuchotsapo 125 ikupereka kutsika kwa 79 peresenti, pomwe zoona zake ndi 35. Njira yachiduleyi ndi yoyenera kumene mitengo imakwera ndi 2 kapena 3 peresenti pachaka. Kwa ife a ma 20 ndi ma 30, gawani basi.

Msampha wachitatu ndi kusokoneza kugawa ndi kuchulukitsa. M'chipinda cha mayeso, mtima ukuthamanga, n'kosavuta kutenga K292,820 n'kuchulukitsa ndi 2.246. Mupeza K657,000 ndi zina, nambala imene ilibe tanthauzo lililonse. Mungadziwe bwanji kuti mwaphonya? Musanagwire kakyuleta, dzifunseni kuti chakwera kwambiri n'chiyani, malipiro kapena mitengo. Ngati ndi mitengo, malipiro enieni ayenera kutsika kuposa K200,000 yoyamba ija. Yankho likatuluka pamwamba pake, bwererani. Kumbukirani motere: kupita m'mbuyo timagawa, kubwera kutsogolo timachulukitsa.

"Inifulesheni yatsika": ndiye mitengo yatsika?

Tsiku lina mudzamva pa nkhani kuti inifulesheni yatsika, tinene kuchoka pa 32 kufika pa 25 peresenti, ndipo wina pakhomo adzati, "Bodza limenelo, shuga sanatsike." Onse awiri akunena zoona. Inifulesheni ndi liwiro limene mitengo ikukwerera, osati mitengo yeniyeniyo. Minibasi ikachepetsa liwiro kuchoka pa 100 kufika pa 80, sikuti yayamba kubwerera m'mbuyo. Ikupitabe kutsogolo, kungoti pang'onopang'ono.

Tiike pa chitsanzo chathu. Tiyerekeze kuti chaka chotsatira mitengo yakwera ndi 25 peresenti. Indekisi ichoka pa 224.6 kufika pafupifupi 281. Mayi aja akawakwezeranso 10 peresenti yawo ija, malipiro enieni atsikabe, chifukwa 1.10 ndi yochepa kuposa 1.25. Ngakhale inifulesheni itatsika mpaka kufanana ndi 10 peresenti yawo, angosiya kutsetsereka, koma madengu 7 aja sabwera okha. Kuti abwere, malipiro ayenera kuthamanga kuposa mitengo kwa zaka zingapo.

Mukamatenga manambala nokha

Mukafuna kuwerengera munthu weniweni, mutenga manambala ku National Statistical Office kapena ku Reserve Bank of Malawi. Pali zinthu zitatu zoti musamale nazo.

Choyamba, fananizani nthawi zofanana. Pali inifulesheni ya mwezi umodzi poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha, ndiye palinso avareji ya chaka chonse. Ine ndagwiritsa ntchito avareji, chifukwa ndimayerekeza chaka ndi chaka. Ngati muli ndi mapepala a malipiro a miyezi iwiri, tengani indekisi ya miyezi yomweyo, n'kuchita motere:

```
malipiro enieni = malipiro atsopano × indekisi yakale ÷ indekisi yatsopano
```

Ndipo ngati n'kotheka, yerekezani mwezi ndi mwezi unzake womwewo, Juni ndi Juni. Mukudziwa kuti chimanga chimatchipa anthu akangokolola ndipo chimadula cha mu Januwale ndi Febuluwale. Mukayerekeza Juni ndi Febuluwale, musakaniza kusintha kwa nyengo ndi kukwera kwa mitengo kwa zaka.

Chachiwiri, onetsetsani chaka choyambira. Pakapita zaka, ofesi ya ziwerengero imakonzanso dengu kuti ligwirizane ndi zimene anthu akugula masiku amenewo, n'kuyambiranso pa 100. Mukaona indekisi ikukwera bwinobwino kenako mwadzidzidzi yagwa kufika cha pa 100, musaganize kuti zinthu zinatchipa. Angosintha poyambira. Pamwamba pa tebulo pamalembedwa mwezi kapena chaka chimene chili 100. Kulumikiza matebulo awiri n'kotheka: ngati tebulo lakale likuti 150 pa mwezi umene latsopano likuti 100, chulukitsani manambala onse a tebulo latsopano ndi 1.5. Kapena pewani vutoli pomanga indekisi yanu kuchokera ku maperesenti a chaka ndi chaka, monga tachitira pano.

Chachitatu, gwiritsani ntchito ndalama imene imafikadi m'manja. Papepala la malipiro pamakhala nambala yaikulu pamwamba, kenako amachotsapo msonkho, ndalama ya penshoni, mwinanso ngongole. Kumsika munthu amapita ndi yotsalayo. Izi n'zofunika chifukwa msonkho wa pa malipiro uli ndi masitepe: gawo loyamba silidulidwa msonkho, magawo apamwamba amadulidwa wochulukirapo. Malipiro a papepala akamakwera koma masitepewo osasunthidwa, gawo lalikulu la malipiro limagwera m'msonkho, ngakhale munthuyo akusauka. Za ngongole zokha musazichotse powerengera, chifukwa ngongole ndi nkhani ya munthu payekha, osati ya malipiro. Chachikulu n'chakuti musayerekeze malipiro osadulidwa a chaka china ndi odulidwa a chaka china.

Dengu lanu si dengu la dziko

Tsopano malire a njira yonseyi. Indekisi imayeza dengu la banja lapakatikati, koma palibe banja limene limagula ndendende zimene zili m'dengu limenelo. Tiyerekeze chaka chimene chakudya chakwera ndi 40 peresenti ndipo zina zonse zakwera ndi 20 peresenti. Manambalawa ndangowasankha kuti tione mfundo.

Banja loyamba, pa K100,000 iliyonse, limawononga K70,000 pa chakudya ndi K30,000 pa zina. Chaka chikatha, chakudya chija chikufuna K98,000 ndipo zina zija K36,000. Zonse pamodzi ndi K134,000, ndiye kwa iwo mitengo yakwera ndi 34 peresenti. Banja lachiwiri ndi lopezako bwino: K30,000 pa chakudya, K70,000 pa zina. Kwa iwo chakudya chikufika pa K42,000 ndipo zina pa K84,000, pamodzi K126,000. Kwa iwo ndi 26 peresenti. Dziko limodzi, msika umodzi, chaka chimodzi, koma kupweteka kosiyana. Chakudya chikamathamanga kuposa zinthu zina, mabanja opeza zochepa ndi amene amamva kuwawa kwambiri. N'chifukwa chake malipoti a inifulesheni amapereka nambala ya chakudya payokha ndi ya zinthu zina payokha.

Chimodzimodzinso, banja limene limalima chimanga chake silimva kukwera kwa chimanga ngati banja logula ufa wa pa walikimani m'tauni, koma limamva kwambiri feteleza akadula. Wokhala m'nyumba yake samva za lendi. Choncho K130,400 ija si nambala yoti mulumbirire mpaka pa tambala. Ikutiuza kukula kwa vuto, kuti mphamvu yogulira yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo kwa banja lina ikhoza kukhala yoposa apo kapena yocheperapo.

Palinso china chimene masamuwa sanena. Sakutiuza ngati kampani inali ndi ndalama zokwezera malipiro ndi 53 peresenti, chifukwa nayonso inkagula mafuta ndi katundu pa mitengo yokwera yomweyo. Masamu amangoika poyera chimene chachitika. Koma kukambirana kumayenda mosiyana wogwira ntchito akasiya kunena kuti "zinthu zadula" n'kunena kuti "malipiro anga a mu 2020, pa mitengo ya mu 2024, ndi K449,200, ndipo ndikulandira K292,820."

Yesani nokha

Nayi ntchito yanu. Bambo wina ankalandira K150,000 mu 2022. Mu 2023 anawakwezera ndi 15 peresenti, mu 2024 ndi 15 peresenti ina. Mitengo inakwera ndi 29 peresenti kenako 32 peresenti. Kodi malipiro awo a mu 2024 ndi ndalama zingati mu kwacha ya 2022? Musanawerenge, lingalirani kaye: yankho likhala pamwamba kapena pansi pa K150,000? Ndiye chitani masamu musanaone ndime yotsatirayi.

Malipiro a papepala ndi K150,000 kuchulukitsa ndi 1.15 kawiri, imene ndi K198,375. Chaka choyambira tsopano ndi 2022, ndiye indekisi ndi 100 kuchulukitsa ndi 1.29 kenako ndi 1.32, imene ndi 170.3. Tikagawa K198,375 ndi 170.3 n'kuchulukitsa ndi 100, tikupeza pafupifupi K116,500. Mphamvu yogulira yatsika ndi pafupifupi 22 peresenti m'zaka ziwiri zokha. Ngati mwapeza nambala yoposa K300,000, mwachulukitsa pamene mumayenera kugawa. Ngati mwagawa ndi 161, mwaphatikiza 29 ndi 32.

Lamulo lomweli limagwira pa ndalama ina iliyonse imene imadutsa zaka: ndalama ya m'thumba imene amakupatsani popita ku sukulu yogonera komweko, penshoni ya agogo, ndalama yosungidwa ku banki, kapena mtengo umene mlimi wagulitsira soya chaka chino poyerekeza ndi zaka zitatu zapitazo. Ngati mukufuna kuyesa pa malipiro a makolo anu, pemphani mwaulemu, ndipo akakana musaumirire, chifukwa ambiri sakonda kuulula malipiro awo. Peresenti yokha imene anawakwezera ndi yokwanira: yambani ndi 100 m'malo mwa malipiro, chulukitsani chaka ndi chaka, gawani ndi indekisi, ndipo mudziwa madengu amene atsala popanda kuona pepala la malipiro.